Chimbudzi cha mafuta, choyandama ndi chonunkha kwambiri: kufufuza pomwe pagona vuto

Chaka ndi chaka, msika wa fodya ku Chinkhoma ukatsegulidwa ndipo mtedza ukayamba kulowa m'nkhokwe, kuchipatala timalandira anthu odandaula chinthu chimodzimodzi. Amayamba ndi kunena kuti akutsegula m'mimba. Tikafunsitsa mpamene amaulula, mwamanyazi, kuti chimbudzi chake si chamadzi ayi, koma n'chambiri, chotuwa, chonyezimira ngati achithira mafuta ophikira, ndipo fungo lake limathawitsa ngakhale mwini wake. Ambiri amafika atamwa kale fulajilo maulendo atatu kapena anayi, wogula okha. Ndalemba izi chifukwa cha kubwerezabwereza kumeneko. Fulajilo amachiza zochepa chabe mwa zinthu zimene zimabweretsa chimbudzi chotere, ndipo miyezi imene munthu amataya akumwa mankhwala olakwika ndi imene thupi limathera.

Njira imene mafuta amadutsa m'thupi

Mafuta sasakanikirana ndi madzi, ndipo m'matumbo ndi m'madzi. Kuti mafuta a mu nsinjiro kapena mu nyama alowe m'magazi, pamafunika antchito atatu.

Woyamba ndi ndulu, madzi owawa aja amene timasamala kuti asaphulikire pa nyama tikamatumbula nkhuku. Amapangidwa ndi chiwindi. Ntchito yake ili ngati ya sopo pa mbale ya mafuta: amaphwanya mafutawo kukhala timadontho ting'onoting'ono. Ndulu ndi imenenso imapatsa chimbudzi mtundu wake woderako.

Wachiwiri ndi kapamba. Dzinali timalitchula pa ziwalo ziwiri, ndiye timvetsetsane. Sindikunena chiwalo chimene chimatupa kunsi kwa nthiti za kumanzere mwana akamadwaladwala malungo. Ndikunena kapamba wautali amene wagona chopingasa kuseri kwa chifu, pafupi ndi msana, amene amapanga insulini. Yemweyo amathira m'matumbo madzi ogaya chakudya, ndipo m'madzimo muli laipezi, amene amadula timadontho ta mafuta tija kuti tithe kuyamwidwa.

Wachitatu ndi khungu la mkati mwa matumbo aang'ono, limene limayamwa mafuta ogayidwawo.

Atatuwa akamagwira bwino ntchito, munthu amene wadya magalamu 100 a mafuta pa tsiku amataya m'chimbudzi osapitirira magalamu 7. Mmodzi akafooka, mafuta amadutsa osayamwidwa, amakafika m'matumbo aakulu, tizilombo ta kumeneko timawaoletsa, ndipo fungo lija limachokera pamenepo. Choncho funso lathu nthawi zonse ndi lakuti: mwa atatuwa, wafooka ndani?

Yambani mwatsimikiza kuti ndi mafutadi

Ambiri kuno timagwiritsa ntchito chimbudzi chokumba, ndipo m'dzenje simuoneka ngati chinthu chayandama kapena chamira. N'chifukwa chake vutoli limabisala nthawi yaitali kumudzi kusiyana ndi m'nyumba za chimbudzi chamadzi. Ngati mukukayikira, dzithandizireni m'chidebe chakale kwa masiku awiri kapena atatu, muziyang'ana pa kuwala kwa masana, kenako muzitaya m'dzenje ndi kusamba m'manja ndi sopo. Muyang'ane izi:

- mtundu wotuwa kapena wachikasu chofooka, osati wodera
- kuchuluka koposa chakudya chimene munadya, chofewa ngati phala lolimba
- kumata m'chidebe, madzi okha osachichotsa mpaka mutathira sopo
- timadontho ta mafuta pamwamba pa madzi mukathiramo, ngati ta pamwamba pa msuzi wa nyama
- banga la mafuta pa pepala lopukutira, kapena mafuta kutuluka okha pa kabudula wamkati mukaphwisa

Timadontho ta mafuta ndi banga la pa pepala ndiye umboni wamphamvu. Kuyandama kokha ndi umboni wofooka kwambiri.

Chizindikiro 1: chikuyandama, koma mtundu ndi wabwino ndipo simukuwonda

Zoyambitsa zake:

1. Mpweya. Chimbudzi chambiri choyandama chimayandama chifukwa cha mpweya umene uli mkati mwake, osati mafuta. Nyemba, khobwe, nzama, kabichi ndi mbatata zimachita zimenezi.
2. Kudya mafuta ambiri tsiku limodzi, monga pa ukwati kapena pa chiwaya. Zimatha pa tsiku limodzi kapena awiri.
3. Mankhwala: mafuta a nsatsi, ndi mankhwala ena ochepetsa thupi amene amatsekereza laipezi dala.

Apa musamwe mankhwala aliwonse. Kwerani sikelo lero, mulembe, mudzakwerenso sikelo yomweyo pakatha mwezi. Ngati sikelo sinatsike ndipo simunaone mafuta, nkhani yatha.

Chizindikiro 2: chayamba posachedwa, mimba ikufufuma, mukugeya fungo la dzira lovunda

1. Jiyadiya. Aka ndi kachilombo kosaoneka ndi maso kamene kamalowa ndi madzi kapena chakudya chokhudzana ndi chimbudzi cha munthu. Kamamatirira pa khungu la matumbo aang'ono n'kulepheretsa kuyamwa mafuta. Kwathu kuno, pa munthu amene anali bwinobwino ndipo chimbudzi cha mafuta chamuyamba masabata ochepa apitawa, ndimayamba kuganizira kameneka. Matenda amaonekera pakatha sabata imodzi kapena ziwiri chimwereni madziwo, ndiye musamangoganizira zimene munadya dzulo. Kumbukirani ngati mjigo unawonongeka n'kumatunga pa chitsime cha kudimba, kapena ngati munamwa madzi a m'dambo polima. Kawirikawiri sipakhala magazi m'chimbudzi ndipo thupi silitentha kwambiri. Nthawi zambiri mwana wina pakhomopo amakhalanso akutsegula.
2. Matumbo amene sanachire bwino pambuyo pa kutsegula m'mimba kwina. Amabwerera mwakale pakatha masabata angapo.

Choyenera kuchita n'kupita kuchipatala ndi kukayezetsa chimbudzi. Dziwani kuti jiyadiya satuluka m'chimbudzi tsiku lililonse, choncho kuyeza kamodzi n'kusapeza kanthu sikutanthauza kuti mulibe. Kuyeza maulendo atatu, pa masiku osiyana, kumagwira ambiri amene kuyeza kamodzi kumaphonya.

Mankhwala ake ndi metironidazo, amene timangoti fulajilo. Mlingo wodziwika wa munthu wamkulu ndi mamiligalamu 400 katatu pa tsiku kwa masiku 5. Wa mwana amawerengera ndi sikelo yake, ndipo mayi woyembekezera anene kaye za mimbayo asanalandire. Zimene zimalepheretsa mankhwalawa ndazionapo kambirimbiri, ndipo ndi zitatu. Wina amagula mapiritsi anayi okha n'kusiya akamva bwino. Wina amamwa mowa ali pa mankhwala, n'kusanza koopsa. Mowa usiyeni masiku onse a mankhwala ndi masiku ena awiri mutamaliza. Wina amachira ndithu koma amabwerera ku chitsime chomwe chija. Jiyadiya salimbana naye mokwanira kolorini wa mlingo umene timathira m'ndowa, ndiye pa vuto ili wiritsani madzi akumwa mpaka abwate kwa mphindi imodzi yathunthu.

Chinthu china chimene chimasokoneza anthu n'chakuti jiyadiya akatha, matumbo ena amakana mkaka kwa masabata angapo. Munthu amamwa tiyi wa mkaka, mimba n'kufufumanso, iye n'kuganiza kuti matenda abwerera. Siyani mkaka kwa mwezi umodzi muone.

Malire ake ndi awa. Ngati mwamaliza mankhwala onse molondola, mukumwa madzi owiritsa, ndipo patatha masabata awiri mafuta akuonekabe, musagule fulajilo wina. Bwererani kuchipatala ndi buku lanu, mukanene kuti mankhwala munamaliza koma sizinasinthe.

Chizindikiro 3: mafuta enieni, kwa miyezi, mukudya bwino koma mukuwonda

Apa m'pamene pali nkhani ya kapamba, ndipo ndikhalitsapo.

Kapamba ali ndi mphamvu zosungira zambiri. Mafuta sayamba kuoneka m'chimbudzi mpaka laipezi atatsika kufika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mlingo wake. Tanthauzo lake n'lakuti chimbudzi cha mafuta chochokera ku kapamba si chiyambi cha matenda, koma chizindikiro chakuti chiwalocho chakhala chikuwonongeka kwa zaka. Ndiponso chakudya chathu chimabisa vutoli. Nsima ya ndiwo zamasamba zongowiritsa ilibe mafuta ambiri oti n'kutayika. Munthu wa kapamba wofooka amatha kudutsa dzinja lonse osaona kanthu, kenako ndalama za fodya zikabwera, n'kuyamba kudya nyama ya nkhumba, tchipisi ndi ndiwo zotendera tsiku ndi tsiku, chimbudzi n'kusintha. Mtedza pafupifupi theka la kulemera kwake ndi mafuta, ndipo supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ili ndi magalamu pafupifupi 14. Ambiri amanena kuti nyamayo ndi imene yawadwalitsa, pamene nyamayo yangoulula matenda amene analipo kale.

Zoyambitsa, kuyambira chofala kwambiri:

1. Kutupa kwa kapamba kwa nthawi yaitali chifukwa cha mowa. Kachasu, mowa wa masese, wa m'mabotolo, zonse n'chimodzimodzi. Chimene chimawerengedwa ndi kuchuluka ndi zaka. Kusuta fodya kumafulumizitsa kuwonongekako, ndipo kumawononga kapamba ngakhale pakokha.
2. Kutupa kwa kapamba kwa anthu osamwa mowa. Kulipo, ndipo mtundu wina umagwira achinyamata owonda a m'mayiko otentha, n'kubweretsa timiyala m'kapamba ndi shuga adakali aang'ono. Choncho musamanene munthu kuti amamwa mobisa chifukwa choti amupeza ndi nthendayi.
3. Chotupa cha khansa chimene chatseka njira ya kapamba. Chimaganiziridwa kwambiri pa munthu wopitirira zaka 50 amene wawonda mofulumira kapena amene shuga wamuyamba mwadzidzidzi.
4. Opaleshoni yakale ya chifu kapena kapamba.

Zimene zimaloza ku kapamba ndi ululu wa pamwamba pa mimba, pansi pa chifuwa, wobowola mpaka kumsana, umene umakula mukadya ndipo umachepako mukakhala pansi mutawerama. Ululu umenewu anthu ambiri amakhala akuutchula zilonda za m'mimba kwa zaka. Ena ululu umachepa pamene kapamba wafooka kwambiri, ndiye kusamva kuwawa sikuchotsa kukayikira. China ndi ludzu ndi kukodza pafupipafupi usiku, chifukwa chiwalo chopanga laipezi n'chomwecho chopanga insulini.

Ndifotokoze za bambo wina, mlimi wa fodya wa zaka za m'ma 40, amene nkhani yake ikufanana ndi za ambiri. Buku lake la kuchipatala linasonyeza kuti chaka chapitacho ankalemera makilogalamu 64. Tsiku limene tinaonana anali ndi 55. Anataya makilogalamu 9, amene ndi 14 pa 100 iliyonse ya thupi lake, pamene kutaya 5 pa 100 mosafuna m'miyezi 6 mpaka 12 n'kokwanira kale kuti munthu afufuzidwe. Anali atamwa fulajilo kanayi. Iwo ankangoti akutsegula. Amene anathandiza ndi mayi a kunyumba kwawo, amene anati: "Abambowa akudya kuposa tonse pakhomo, koma malamba akungobowola. Ndipo zovala zawo zamkati ndikamachapa zimakhala ndi mafuta." Nditawafunsa kuti, "Bambo, mowa munayamba liti?" anayankha kuti asanakwatire, ndipo chingambwe amapichira okha tsiku lililonse.

Tinatsata njira iyi. Chimbudzi chinayezedwa maulendo atatu, jiyadiya sanapezeke. Magazi a HIV anali bwino, ndipo panalibe chifuwa, kutentha thupi kapena thukuta la usiku. Maso sanali achikasu, zimene zinachepetsa kukayikira njira ya ndulu. Shuga wa m'mawa asanadye anali 9.8, pamene malire a matenda a shuga ndi 7.0, ndipo atabwereza tsiku lina anali wokwerabe. Ekisire ya pamimba inaonetsa timadontho toyera topingasa pamwamba pa mimba, timiyala ta m'kapamba. Zikaoneka choncho pa munthu wa chimbudzi cha mafuta, yankho lapezeka. Anatumizidwa ku Lilongwe kuti akaunikidwe ndi sikani, kutsimikiza kuti palibe chotupa.

Pa zoyeza pali ziwiri zoti mudziwe. Magazi a amilezi, amene amakwera kapamba akatupa mwadzidzidzi, nthawi zambiri amatuluka bwinobwino pa matenda okhalitsawa, choncho asakunamizeni kuti kapamba ali bwino. Kuyeza kolunjika ndi kwa elasitezi wa m'chimbudzi, chimodzi mwa zogaya chakudya zimene kapamba amapanga: akakhala pansi pa mamaikulogalamu 200 pa galamu imodzi, kapamba akuperewera, ndipo pansi pa 100 ndiye kwambiri. Kumeneku si kuyeza kwa pa chipatala chaching'ono, ndipo chimbudzi chikakhala chamadzi zotsatira zimatsika monama. Kumene sikupezeka, dokotala amadalira mbiri ya wodwala, ekisire, sikani, ndi kuona ngati mankhwala akusintha zinthu.

Mankhwala ake ndi makapisozi a pankiriyatini, amene ali ndi laipezi wolowa m'malo mwa amene kapamba sakupanganso. Sachiza kapamba, amangogwira ntchito yake, ndiye amamwedwa moyo wonse. Munthu wamkulu nthawi zambiri amayamba ndi mayunitsi 40,000 mpaka 50,000 a laipezi pa chakudya chachikulu chilichonse, ndi theka lake pa zakudya zing'onozing'ono. Ngati kapisozi mmodzi ali ndi mayunitsi 25,000, ndiye awiri pa nsima ya masana, awiri pa ya madzulo, ndi mmodzi kapena awiri pa kadzutsa malinga ndi mafuta ake. Ndi mankhwala odula, ndipo kawirikawiri anthu amachita kukawafuna m'mafamase a mumzinda. Amapangidwa kuchokera ku kapamba wa nkhumba, ndipo ndimanena zimenezi poyambirira kuti amene sadya nkhumba chifukwa cha chipembedzo akambirane ndi atsogoleri awo akudziwa kuti ndi mankhwala osunga moyo.

Ngati mukumwa makapisozi koma mafuta akuonekabe, fufuzani motsatana motere:

- Nthawi. Kapisozi ayenera kukumana ndi chakudya. Mezani mmodzi ndi mbamu zoyamba, wina pakati pa chakudya. Kumwa m'mawa ndi madzulo ngati mankhwala ena n'kutaya ndalama.
- Kutafuna kapena kusinja. Timibulu ta mkati tili ndi chikuto chotiteteza ku asidi wa m'chifu. Mukatafuna mwaononga chikutocho, ndipo m'kamwa mumachita zilonda.
- Kutentha. Musamwere tiyi wotentha, ndipo musasunge pa windo, m'thumba la buluku kapena pafupi ndi denga la malata mu Okutobala.
- Mlingo wochepa. Dokotala akhoza kuuwonjezera, kapena kuphatikizapo omepurazo wochepetsa asidi.
- Vuto lachiwiri, monga jiyadiya kapena tizilombo tochuluka m'matumbo aang'ono.

Bambo aja sanathe kugula makapisozi a chakudya chilichonse, ndipo izi n'zimene zimachitikira ambiri. Tinagwirizana kuti makapisozi amene ali nawo aziwasungira zakudya za mafuta, azidya pang'onopang'ono kasanu pa tsiku m'malo mwa mulu umodzi madzulo, ndipo mafuta azigawidwa tsiku lonse. Sindilangiza kusiyiratu mafuta. Chimbudzi chimaoneka bwino ndithu, koma munthu wowonda kale amapitiriza kutha. Chimene chiyenera kusiyidwa kotheratu ndi mowa ndi fodya. Munthu amene amamwa tsiku lililonse ndipo m'mawa amanjenjemera asasiye yekha mwadzidzidzi, chifukwa akhoza kukomoka. Auze achipatala amuthandize kusiya.

Shuga wochokera ku kapamba wowonongeka ali ndi msampha wake. Kapamba amapanganso gulukagoni, amene amakweza shuga akatsika, ndiye odwala otere shuga wawo amagwa msanga, makamaka akabaya insulini osadya kapena atamwa mowa. Apabanja adziwe kuti thukuta, kunjenjemera ndi kusokonezeka mutu zimafuna madzi a shuga nthawi yomweyo ngati munthuyo akutha kumeza. Ndiponso metifomini, mankhwala ofala a shuga, amatsegula m'mimba anthu ena, choncho chimbudzi cha mafuta cha wodwala shuga wowonda chimatha kunamiziridwa mankhwalawo kwa nthawi yaitali. Ngati mukuona mafuta, nenani mawu akuti mafuta, osangoti kutsegula.

Chizindikiro 4: chimbudzi chotuwa ngati phulusa, mkodzo ngati tiyi wopanda mkaka, maso achikasu

Apa ndulu sikufika m'matumbo. Ikubwerera m'magazi, n'chifukwa chake maso akuchita chikasu, mkodzo ukuda, ndipo thupi likuyabwa, makamaka usiku.

1. Kutupa kwa chiwindi, chifukwa cha tizilombo, mowa kapena mankhwala. Mankhwala a chifuwa chachikulu ndi zitsamba zina zimatha kuchita zimenezi.
2. Mwala wa m'ndulu umene watseka njira. Umabwera ndi ululu kunsi kwa nthiti za kumanja, nthawi zina ndi kutentha thupi ndi kunjenjemera.
3. Chotupa pa mutu wa kapamba. Njira ya ndulu imadutsa momwemo. Chikasu chake chimakula pang'onopang'ono, nthawi zambiri popanda ululu, munthu akuwonda.

Palibe chochita kunyumba pa chizindikiro chimenechi. Nzimbe ndi madzi a shuga, zimene anthu amapatsa wodwala chikasu, sizitsegula njira yotsekeka. Pitani ku chipatala chachikulu cha boma ku Kasungu kapena ku Mchinji sabata yomweyo, ndipo ngati thupi latentha, tsiku lomwelo. Sikani imaonetsa ngati njira za ndulu zatupa chifukwa chotsekeka, ndipo zofuna opaleshoni amatumiza ku Kamuzu Sentulo. Tengani mankhwala onse amene mwakhala mukumwa, ndi a zitsamba omwe.

Chizindikiro 5: kutsegula kopitirira mwezi, kuwonda, kutentha thupi kapena thukuta la usiku

Kapamba ndi ndulu zikhoza kukhala bwino, koma matumbo osayamwa.

1. HIV yosadziwika, kapena ma ARV amene sakumwedwa bwino kapena asiya kugwira. Kachilomboka kamawononga khungu la matumbo, ndipo kamatsegulira njira tizilombo tina. Kayezetseni ngakhale munayezetsa chaka chatha. Amene muli pa mankhwala musasiye, koma pemphani kuti ayeze kuchuluka kwa kachilombo m'magazi.
2. Chifuwa chachikulu cha m'mimba. Chimakonda kumapeto kwa matumbo aang'ono, kumene thupi limabweza ndulu kuti igwirenso ntchito. Munthu akhoza kukhala nacho osatsokomola n'komwe.
3. Matenda okana tirigu. Si ofala kwathu, ndipo nsima ya chimanga siwaputa, koma amaganiziridwa ngati zinthu zimaipa ndi buledi, masikono ndi mandasi, zina zonse zitafufuzidwa.

Ana

Khanda loyamwa bere lokha limachita chimbudzi chofewa, chachikasu, kangapo pa tsiku, ndipo zimenezi ndi zabwinobwino. Choopsa ndi chimbudzi choyera kapena chotuwa pa khanda limene chikasu sichinathe patatha masabata awiri chibadwire. Njira zake za ndulu zikhoza kukhala zotsekeka, ndipo opaleshoni yake imathandiza kwambiri ikachitika mwana asanakwanitse miyezi iwiri. Amayi, musadikire tsiku la sikelo, ndipo tengani thewera lomwelo kuti achipatala aone mtundu wake.

Pa mwana woyenda, chofala ndi jiyadiya, kenako kunyentchera. Mwana wonyentchera kapamba wake amafooka chifukwa chosowa chakudya chomanga thupi, n'kuyamba kutaya mafuta ochepa omwe akudyawo. Kapamba ameneyu amatha kudzukanso mwana akadyetsedwa bwino. Ngati mzere wa m'buku la sikelo waima kapena ukutsika, mapazi atupa, kapena lamba wa pamkono wasonyeza pansi pa masentimita 11.5, mwanayo akufunika chithandizo cha kuchipatala, osati mankhwala oletsa kutsegula. Musamumane nsinjiro m'phala poopa chimbudzi.

Zimene zimatayika limodzi ndi mafuta

Mavitamini A, D, E ndi K amalowa m'thupi atakwera pa mafuta, ndiye mafuta akamatayika nawonso amatayika. Munthu wa chimbudzi cha mafuta amene wayamba kusaona bwino kukamada, kupunthwa pobwera kumunda madzulo, akusowa vitamini A. Kuphwanya kwa mafupa ndi kuvutika kudzuka pa mphasa kumaloza ku vitamini D. Kutuluka magazi m'nkhama, kamfuno, kapena bala laling'ono losasiya kukha magazi kumaloza ku vitamini K, ndipo ichi n'chofunika kuchinena musanazulidwe dzino kapena kuchitidwa opaleshoni. Musagule nokha vitamini A wamphamvu, makamaka amayi oyembekezera, chifukwa wochuluka amavulaza mwana m'mimba.

Siyani zonse, pitani kuchipatala lero ngati

- ululu wa pamwamba pa mimba ndi woopsa, ukufika kumsana, ndipo mukusanza
- maso achita chikasu ndipo thupi latentha
- chimbudzi chada ngati phula kapena chili ndi magazi (amene mumamwa burufeni kapena asipirini pofuna kuziziritsa ululu wa kapamba, samalani kwambiri apa)
- ludzu lakula, mukukodza kwambiri, mukufooka kapena kusinza
- mwana walowa maso, akukana kumwa kapena kuyamwa, kapena watupa mapazi

Popita, tengani buku la kuchipatala lakale lomwe, chifukwa sikelo za m'mbuyo zimanena zambiri. Lembani pa pepala mwezi umene zinayamba, maulendo a kuchimbudzi pa tsiku, mankhwala amene mwamwa ndi masiku ake, ndi zakudya zimene zimawonjezera vutolo. Za mowa nenani mlingo weniweni ndi zaka zake. Ngati mawu akukuvutani kutchula, jambulani chimbudzicho pa foni, kapena pitani ndi akunyumba kwanu amene amachapa zovala, akathandize kufotokoza.